"Zili bwino, pitiriza" si thandizo

Pali mawu atatu amene ndatopa nawo pa yunivesite pano: "Zili bwino, pitiriza." Mnzako akakuonetsa autilaini ya chimangirizo chake, ndiye kuti tsamba limodzi la mfundo zimene akufuna kulemba, iwe n'kumuyankha choncho, dziwa kuti sunamukomere mtima. Wamusiya ataye sabata ziwiri kulemba zimene ukanazikonza m'mphindi khumi.

Ndikunena izi chifukwa ndinazichita. Chaka chatha mnzanga wina ku hositelo anandionetsa autilaini ya asayimenti ya mbiri yakale. Funso linali loti afotokoze ngati thangata ndiye gwero lenileni la kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Mitu yake inali isanu ndi iwiri: chiyambi, ubwana wa Chilembwe, ulendo wake wa ku America, kukhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe mu 1900, thangata, usiku wa pa 23 Januwale, mathero. Ndinamukonzera mawu awiri amene sanawalembe bwino, n'kumuuza kuti apitirize. Pepala litabwerako, malikisi anali ochititsa manyazi, ndipo aphunzitsi analemba kuti wafotokoza moyo wa munthu koma funso sanaliyankhe. Vutolo linkaoneka kale pa tsamba limodzi lija. Ine ndi amene sindinafune kuliona.

Choyamba ndinayenera kumufunsa kuti, "Aise, yankho lako ndi lotani, m'chiganizo chimodzi?" Akanati "ndikamba za Chilembwe ndi thangata", ndikanamuuza kuti umenewo ndi mutu chabe. Yankho ndi chiganizo chimene munthu wina angathe kuchitsutsa. Mwachitsanzo: thangata ndi limene linasonkhezera mkwiyo kwa zaka zambiri, koma nkhondo ya 1914 ndi imene inachititsa kuti ziphulike pa nthawi imeneyo. Wina akhoza kukana zimenezi, ndipo n'chifukwa chake zili zoyenera kulembedwa.

Chachiwiri, ndinayenera kuloza mutu uliwonse n'kufunsa kuti ukutsimikizira chiyani, nanga umboni wake uli kuti. Mutu woti "thangata" sunena kanthu. Koma akalemba kuti oukirawo analunjika ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, kumene anapha William Jervis Livingstone amene ankayang'anira esitetiyo, ndipo izi zikusonyeza kuti nkhanza za pa esiteti zinali pa mtima pa nkhaniyi, apo tsopano tili ndi mfundo ndi umboni wake. Kufunsa kotereku kukanaulula chimene chinasowa. Kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu, inalibe malo m'autilainiyo. Chonsecho kalatayo ndi umboni waukulu wa mbali inayo. Funso lofuna kuti uyeze gwero limodzi silingayankhidwe usanaike magwero ena pa sikelo.

Chachitatu ndi masamu a pulayimale. Malire anali mawu 2,000. Ukawagawa pa mitu isanu ndi iwiri, mutu uliwonse ulandira mawu osakwana 300. Ndiye kuti thangata, limene funso lonse lagonapo, likanapeza malo ofanana ndi a ubwana wa Chilembwe. Ndikanamuuza kuti aphatikize mitu itatu ya mbiri ya moyo ija ikhale ndime imodzi, thangata alipatse mawu 600, nkhondo ndi msonkho 500, otsalawo ayezere mbali ziwirizi. Kuchotsa mutu pa autilaini n'kungokhwatcha mzere umodzi. Kuuchotsa utaulemba kale n'kutaya masamba amene unawagonera m'laibulale, ndipo palibe amene amavomera msanga. M'mera mpoyamba.

Ndikudziwa ena anena kuti iwo amaganiza akamalemba, ndipo yankho limawabwerera ali pakatikati. N'zoona, inenso zimandichitikira. Koma yankho la pa autilaini si lumbiro. Ukhoza kulisintha ukapeza umboni wina, pamene wopanda yankho sadziwa n'komwe kuti umboni wamutsutsa. Ndikuvomeranso kuti autilaini sionetsa ngati ziganizo zidzamveke, choncho chimangirizo chikalembedwa chimafunikabe kuwerengedwa. Palinso msampha wa ife owerengafe, womulembera mnzako chimangirizo chimene ukanalemba iweyo. Ngati iye akukhulupirira kuti thangata palokha ndi lokwanira, ntchito yako si kumutembenuza ayi, koma kumufunsa kuti kalata ija aiyankha bwanji.

Aphunzitsi athu nawonso ndili nawo mawu. Ndemanga zimene mumalemba pa pepala lomaliza zimafika malikisi atalembedwa kale. Ndikudziwa kuti makalasi ndi aakulu, koma tsamba limodzi limawerengeka msanga kuposa masamba asanu ndi atatu. Ngati nthawi palibe, tipatseni ola limodzi tisinthane maautilaini m'kalasi, aliyense afunse mnzake mafunso atatu aja.

Mnzanga uja anandibweretseranso autilaini ina teremu ino. Ndisanagwire n'komwe pepalalo, ndinamufunsa yankho lake. Anakhala chete, kenako anati abweranso mawa.