Samani muziyamba kuiwerengera kumapeto

Munthu akakusumirani kukhoti, ine ndimati yambani ndi tsamba lomaliza la chikalata chofotokoza dandaulo lake. Kumeneko ndi komwe amalemba zomwe akufuna khoti limupatse.

Tiyerekeze kuti wakusumirani ndi mmisiri amene ankakumangirani nyumba. Kumapetoko akufuna K900,000 yotsala, chiwongola dzanja ndi ndalama zomwe wawononga pamlanduwo. Apa mwadziwa kukula kwa nkhani.

Kenaka dzifunseni: akuti ndalakwa chiyani? Mawu oti ndinu ouma mtima asakutayitseni nthawi. Phata la mlandu wake ndi kuphwanya mgwirizano, ndipo watsamira pa mfundo zitatu: munagwirizana K2,400,000, iye anamaliza ntchito, inu munalipira K1,500,000 yokha.

Pambali pa ndime iliyonse lembani "ndikuvomera" kapena "ndikukana". Ngati denga analisiya losakhoma, ndime yoti anamaliza ntchito muikane momveka m'yankho lanu, chifukwa mfundo yomwe simunaikane khoti likhoza kuitenga ngati mwaivomera.

Onaninso tsiku lomwe ndalamayo inayenera kulipidwa. Ngati panadutsa zaka 6 asanasume, lamulo limakulolani kunena kuti nthawi yosumira inatha, koma zimenezi muzilembe m'yankholo, osadikira kuti woweruza azitchule yekha.