Musamalize ndakatulo imene mlakatuli anaisiya dala

Tikamayendera ophunzira zauphunzitsi m'masukulu amene amakaphunzirira ntchito, timaona chizolowezi chimodzi pa phunziro la ndakatulo. Mphunzitsi amawerenga, kenako n'kufunsa kuti: "Ndakatuloyi ikutiphunzitsa chiyani?" Ana akakhala chete, iye amalemba yankho pa bolodi, iwo n'kukopera. Ife tikuti njira imeneyi imapha ndakatulo yaifupi, pakuti tanthauzo lake limakhala m'zimene mlakatuli sananene, ndipo ntchito yozipeza ndi ya wowerenga.

Chitsanzo chabwino ndi haiku, ndakatulo ya ku Japani imene Matsuo Basho (1644-1694) anaikweza kwambiri. M'Chijapani ili ndi zigawo zitatu, za maphatikizo 5, 7 ndi 5. Mwa mwambo wake imakhala ndi mawu osonyeza nyengo ya chaka, otchedwa kigo, ndiponso mawu odula, otchedwa kireji, amene amaigawa pawiri. Mlakatuli amaika zithunzi ziwiri moyandikana osanena chimene chikuzilumikiza.

Kuti tione m'mene zimenezi zimagwirira ntchito m'Chinyanja, tinalemba tokha mizere itatu iyi:

Mvula yobzalira.
Khasu la agogo lija
likadali pakhonde.

Maphatikizo ake ndi 6, 8 ndi 7. Sitinakakamize chiwerengero cha Chijapani chifukwa mawu athu ndi aatali: mneni mmodzi, "likadali", watenga kale maphatikizo anayi. Chimene tasunga ndi nyengo ndi kudula kuja.

Werengani mokweza kawiri, ndipo mupume pang'ono pambuyo pa mzere woyamba. Funso loyamba likhale lakuti: "Mwaona chiyani?" Ana atchula mvula, khasu ndi khonde. Musalole kumasulira pa nthawi imeneyi. Funso lachiwiri ndi lakuti: "Mvula yobzalira ikagwa, khasu limakhala kuti?" Mwana wa ku Angonia kapena wa m'mbali mwa nyanja ku Niassa sachedwa kuyankha kuti limakhala kumunda, m'manja mwa mwini wake. Apa ndiye pamene mpata umaonekera: khasu lili pamalo osayenera nyengoyo. Funso lachitatu limabwera lokha: "Nanga agogo ali kuti?"

Ndakatuloyi sinatchule imfa, matenda kapena chisoni. Komabe mwana wina adzati agogo anamwalira, wina adzati akudwala, wina adzati anawatengera kutauni kwa ana awo. Mayankho onse atatu ndi ovomerezeka, chifukwa onse akufotokoza khasu logonera pakhonde pa tsiku lobzala.

Ena mwa inu mudzafunsa kuti: ngati mayankho ndi ambiri, tidzachonga bwanji? Kodi chilichonse chimene mwana anganene n'cholondola? Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lathu n'lakuti ayi. Muyezo wake ndi mawu a m'ndakatulo momwemo. Mwana akati agogo ndi aulesi, mufunseni kuti aloze mawu amene akumuuza zimenezo. Sadzawapeza. M'malo mwake adzakumana ndi "lija", mawu amene timagwiritsa ntchito pa chinthu chimene tonse tikuchidziwa ndi kuchikumbukira. Khasu limeneli linkaoneka likugwira ntchito. Adzakumananso ndi "likadali", amene akusonyeza kuti wolankhulayo amayembekeza kuti pofika lero likhala litachokapo. Choncho chimene muyenera kuchonga ndi umboni umene mwana wapereka, osati kufanana kwa yankho lake ndi lanu.

Apa ndi pamenenso chilankhulo cha kunyumba chimaonetsera mphamvu yake. Chipwitikizi chili nawo mawu omasulira "lija" ndi "likadali", koma mwana amene akuchiphunzira kumene amathera nzeru zake pofufuza tanthauzo la liwu lililonse, ndipo satsala ndi mphamvu yomvera zimene zasiyidwa. M'Chinyanja, "lija" amalimva ngati m'mene amalimvera pakamwa pa amayi ake. N'chifukwa chake tikuti luso limeneli liyambe kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha mwana, lidzasamukire ku Chipwitikizi litakhazikika.

Mudzadziwa kuti phunziro lalakwika mukaona makope onse ali ndi chiganizo chimodzi, monga chakuti "tizithandiza okalamba". Pamenepo ndiye kuti mwamaliza ndakatulo m'malo mwa ana. Chenjezo lina n'lakuti m'kalasi mwanu mungakhale mwana amene kwawo kulidi khasu lotere. Akakhala chete, musamukakamize kulankhula, pakuti mwina wamva kuposa anzake onse.

Pomaliza phunzirolo, uzani ana alembe mizere yawo itatu: woyamba utchule nyengo, monga chizimalupsa, masika kapena mphepo ya mwera, iwiri inayo ionetse chinthu chimodzi chooneka ndi maso. Lamulo likhale limodzi lokha, lakuti asalembemo mawu monga chisoni, chimwemwe kapena mantha. Kenako asinthane makope, ndipo aliyense anene chimene mnzake wasiya osanena.