Mmisiri sakonza nyumba yokhoma

Ife aphunzitsi a kumudzi amene tinasowa malo m'nyumba za pasukulu timachita lendi patiledingi senta, ndipo eni nyumbazo nthawi zambiri amakhala kutali. Wanga amakhala kuboma. Timaonana mwina kawiri pachaka, zina zonse timakambirana pafoni. Lero ndikufuna ndikambe za kauthenga kamene timakapeputsa, kopempha mwini nyumba kuti atumize munthu wodzakonza chimene chaonongeka. Ine kananditayitsa K6,000 ndi sabata ziwiri za kugona pambali pa beseni.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, denga la kuchipinda linayamba kudontha. M'mawa mwake, ndikuthamangira kusukulu, ndinalemba kuti: "Bambo, nyumba ikudontha. Tumizani munthu adzakonze." Anayankha mawu amodzi okha: "Chabwino."

Mmisiri anabweradi, koma Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ine ndinali m'kalasi, foni ili m'thumba yosalira, ndipo mayi a kunyumba anali atapita ndi mwana kusikelo. Munthu uja anadikira ola lathunthu pakhonde, nazungulira nyumba, nabwerera. Madzulo mwini nyumba anaimba atapsa mtima. Anati iwo mbali yawo achita, ndipo ndalama ya kabaza imene mmisiri anakwera, kupita ndi kubwera, ndibweze ine. Ndinafuna kukana, koma nditawerenganso uthenga wanga ndinangoti kukamwa yasa. Munalibe tsiku, munalibe ola, munalibe ngakhale chipinda chimene chikudontha. Ine amene ndimadula malikisi ana akaiwala tsiku pakalata yantchito!

Mmisiri wa kumudzi sakhala pansi kudikira ife. Nyengo ya dzinja ali ndi munda wake, ndipo madenga odontha ndi ambiri. Mukamuphonya lero, mudzamuonanso pakatha sabata. Choncho uthenga wachiwiri ndinaulemba nditakhala pansi, nditafunsana kaye ndi mayi a kunyumba za masiku amene sachoka. Unali wotere:

"Mwaswera bwanji bambo? Pepani chifukwa cha Lachiwiri lija. Denga likudontha malo atatu kuchipinda chogona, mbali ya kumsewu, ndipo ndaikapo zizindikiro za choko. Pawiri pakuoneka ngati misomali yazuka, pamodzi lata lachita dzimbiri. Makwerero tilibe. Pakhomo padzakhala munthu Loweruka pa 23 Novembala kuyambira 7 mpaka 11 koloko m'mawa, ndidzakhalapo ndine. Zikakanika, Lolemba pa 25 nthawi yomweyo, adzapeza mayi a kunyumba. Chonde mmisiri andiimbire asananyamuke. Mundiuzenso ngati mumulipira nokha kapena ndilipire ine n'kudzachotsera pa lendi ya Disembala. Ndiyankheni pofika Lachinayi madzulo. Zikomo."

Ena anena kuti ndi wautali, makamaka kwa achikulire a kafoni ka mabatani. Zoona, umadya mayunitsi a mauthenga angapo, koma sangafike pa K6,000. Tiyeni tiuone bwino.

Choyamba ndi nthawi. Mawu akuti "mawa", "kumapeto kwa sabata" kapena "nthawi ina iliyonse" ndiwo amatipweteka. Uthenga mwina auwerenga mawa lakelo chifukwa foni inali kotchajitsa, ndiye "mawa" wanu ndi wawo asiyana. Tchulani dzina la tsiku ndi deti lomwe. Ola limodzi lokha silikwana, poti munthu wodalira kabaza kapena njinga yakapalasa sangalonjeze kufika 8 koloko yeniyeni, koma tsiku lonse nalonso limakumangani pakhomo ngati mbuzi. Maola anayi ndi abwino kwa onse. Ndinapereka masiku awiri kuti mmisiri akakhala wotanganidwa tsiku loyambalo, tisayambirenso kukambirana. Ndinasankha m'mawa dala, chifukwa mvula ya dzinja imakonda kugwa masana, malata onyowa amaterera, ndipo dzuwa likakwera amatentha moti munthu sangagwadepo.

Chachiwiri, nenani amene adzapezeke pakhomo. "Padzakhala munthu" sizikwanira ngati munthuyo ndi mwana wa Sitandade 5 amene sangaloze podontha, kapenanso kuona ngati ntchito yagwirika. Pa denga ndiye pofunika munthu wamkulu kwambiri, chifukwa vuto limaonekera m'kati. Pamene madzi akugwera pansi si nthawi zonse pamene pali bowo. Madzi amatha kulowa pa msomali wa pamwamba, n'kutsetsereka ndi thabwa, n'kukadonthera kutsogolo. N'chifukwa chake mvula ikugwa ndinakwera pampando ndi tochi, n'kulemba ndi choko pathabwa pamene panayambira kunyowa. Tsiku louma mmisiri akanangoganizira.

Mwina mukuti, bwanji osangosiya kiyi kwa aneba, kapena mwini nyumba atsegule ndi kiyi wake? Zimatheka, koma taganizani. Mlendo walowa kuchipinda kwanu inu kulibe, madzulo tchaja kapena ndalama ya ndiwo sikuoneka. Mwina mwaiika pena nokha, koma mudzakayikira mmisiri, aneba adzakhumudwa, ndipo mwini nyumba adzakhala pakati. Amisiri ambiri aulemu nawonso safuna kulowa m'nyumba mopanda mwini wake pa chifukwa chomwechi. Ngati palibiretu kuchitira mwina, lembani mu uthengamo amene ali ndi kiyi, ndipo munthuyo akhalepo mpaka ntchito ithe.

Chachitatu, fotokozani vuto mokwanira kuti munthu adziwe chonyamula. Mawu akuti "nyumba ikudontha" sauza mmisiri ngati atenge misomali ya malata, phula lomatira kapena lata latsopano. Pamudzi pathu sitolo ya zipangizo zomangira ili kutali, ndipo akaiwala chinthu chimodzi, tsiku latha. Mawu awiri aja akuti "makwerero tilibe" anapulumutsa ulendo wonse, chifukwa anabwereka kwa mnzake wa pafupi asanafike.

Chomaliza ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene maubale ambiri a lendi amathera. Mmisiri akatsika padenga amayang'ana amene ali pafupi, ndiye inuyo. Mukalipira musanagwirizane, n'kudzachotsa nokha pa lendi, mwini nyumba adzati muli ndi ngongole. Funsani zisanachitike, yankho libwere lolembedwa, ndipo musalifufute. Akakuyankhani poimba foni, tumizani kauthenga kobwereza zimene mwagwirizanazo.

Pali malire ake. Waya wa magetsi akamathetheka, kapena paipi ikaphulika madzi n'kumadzaza m'nyumba, musalembe za Loweruka. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu kapena tsekani madzi pa mita, imbani foni pompopompo, uthenga utsatire pambuyo. Komanso uthenga wabwino susintha mwini nyumba wouma mtima. Chimene umachita n'kumulanda chonamizira chakuti "tinabwera koma sitinapeze munthu".

Kwa ine yankho linabwera Lachitatu: "Abwera Loweruka. Mulipireni, mudzachotse." Mmisiri anaimba 7 koloko itangokwana, nafika cha m'ma 8. Anakhoma misomali yatsopano pawiri paja, namata padzimbiri paja, nandiuza kuti latalo lipirira dzinja lino lokha. Zimenezonso ndinalembera mwini nyumba tsiku lomwelo, mmisiri akadali pakhonde, kuti chaka chamawa tisadzakangane. Pofika 10 koloko tinali tikumwa tiyi, ndipo beseni lija linabwerera kubafa.

Kunena zoona, tikalemba "nthawi ina iliyonse" timaona ngati ndi ulemu, poopa kuoneka ngati tikulamula mwini nyumba. Koma ulemu wake ndi uti pamene bambo wa ana ake wayenda mtunda wonsewo n'kudzapeza loko pachitseko?