Za Kudimba: Kalendala ya Matimati

Matimati akapsa onse nthawi imodzi amaolera m'dengu. Tsatani ndondomeko iyi.

Malichi: Konzani nazale ndipo thiranimo manyowa owolerana bwino.

Epulo: Gawani mbewu patatu, muzifesa pakapita masabata awiri aliwonse.

Meyi: Okerani madzulo mbande za masabata anayi, motalikirana masentimita 60.

Juni: Zikani timitengo, mangirirani, chotsani mphukira. Thirirani patsinde chifukwa masamba onyowa amagwidwa chiwawu.

Julayi: Yang'anani kunsi kwa masamba. Mukaona timaulusi, akangaude ofiira alowa. Yambani kupangana ndi ogula.

Ogasiti ndi Seputembala: Thyolani m'mawa. Opita kumsika wakutali athyoledwe atangoyamba kufiira, kuti asaphwanyike panjira.