10 koloko yake ya kuti?

Mukalembera anzanu akuntchito kuti "tiimbirane 10 koloko", wina ali ku Lilongwe, wina ku Nairobi, wina ku London, ine ndimati simunanene kanthu. Ikamakwana 10 koloko ku Lilongwe, ku Nairobi imakhala 11. Koma povuta ndi ku London, chifukwa kumeneko amasintha mawotchi. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi amatsalira ndi ola limodzi, ndiye kwawo ndi 9 koloko. Likafika Lamulungu lomaliza la Okutobala amatsalira ndi maola awiri, basi yasanduka 8.

Kulemba "GMT" nakonso sindikukhulupirira ayi. Ambiri akatero amatanthauza nthawi ya ku London, chonsecho mu Julaye ziwirizi zimasiyana ndi ola lathunthu. Bola kutchula tsiku ndi mzinda: "Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, nthawi ya ku Lilongwe."