Mapu a Burkitt ndi udzudzu

Mu 1957, dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, anaona mwana wotupa nsagwada mbali zonse. Pasanapite nthawi anaonanso wina. Madokotala ankazitenga zotupa zoterezi ngati matenda osiyanasiyana, malinga ndi pomwe zatulukira. Burkitt anaona kuti ana otupa nsagwada ankakhalanso ndi zotupa m'mimba, ndipo anaganiza kuti n'chapafupi kuti akhale matenda amodzi kusiyana n'kuti matenda angapo azingokumana mwangozi mwa mwana mmodzi. Anali khansa imene lero imatchedwa ndi dzina lake, yomwe imavutitsanso ana ambiri kuno ku Malawi.

Funso linatsala: imayamba bwanji? Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pagalimoto m'zipatala zambiri, kuphatikizapo za ku Nyasaland, akufunsa ngati matendawa amaoneka. Mapu anaonetsa chodabwitsa. Khansayi inali yochuluka m'madera otentha ndi amvula yambiri, koma inkasowa kumapiri kozizira ndi kumalo ouma.

Apa ndi pamene pali luso. Wofufuza sanaone ndi maso chimene chikuyambitsa matendawa, choncho amandandalika zifukwa zimene zingatheke n'kufunsa kuti ndi chiti chikufotokoza umboni wonse. Akanakhala matenda akumtundu, sakanasamala za kutalika kwa phiri. Chimene chimatsatira kutentha ndi chinyontho ndi tizilombo touluka. Choncho ganizo lopambana linali lakuti pali vairasi yofalitsidwa ndi udzudzu.

Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezadi vairasi m'maselo a zotupa zimene Burkitt ankatumiza. Koma vairasiyo, ya Epstein-Barr, inasokoneza nkhani: imafala kudzera m'malovu, osati udzudzu, ndipo pafupifupi munthu wamkulu aliyense padziko lapansi ali nayo. Chinthu chopezeka paliponse sichingafotokoze matenda okhala ndi malire pamapu.

Ofufuza sanataye mapuwo, anataya mbali yolakwika ya ganizo lawo. Udzudzu unalipodi, koma unkanyamula malungo. Malungo obwerezabwereza amachulukitsa maselo ena a chitetezo cha m'thupi, ndiponso amafooketsa mphamvu yoletsa vairasi ija, mpaka selo lina limasokonekera n'kusanduka khansa. Kufotokozaku kumayankha zonse ziwiri, mapu ndi vairasi, komanso kumalosera chinthu choyeseka: kumene malungo achepa, khansayi iyenera kuchepa, ngakhale kukhale kotentha chotani.

Ine ndimati phunziro lili apa: “chifukwa chomveka kwambiri” chimapambana zokhazo zimene munthu waziganizira. Dokotala amene waona mwana wotentha thupi n'kuganiza za malungo walingalira bwino. Koma magazi akapanda kuonetsa tizilombo, kapena mwana akapanda kuchira atamwa mankhwala moyenera, umboni wotsalirawo ndiwo uyenera kumubwezera kukandandalikanso, m'malo mongobwereza LA.