Ngongole ilembedwe tsiku lokongola, osati lobweza

Kwa Changata ku Thyolo, ndalama imayendera nyengo ya tiyi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amachuluka, otchola amapezako bwino. Ikafika Julaye ntchito imachepa, ena amaimitsidwa, ndipo katapila amayamba kuyenda m'makomo. Izi zimachitika chaka ndi chaka, komabe zimatipeza ngati zadzidzidzi. Ine ndikuti wachinyamata amene ali ndi foni yamakono pakhomo atsegule Excel kapena Google Sheets, alembe miyezi yonse 12 patsamba limodzi.

Mizere yotsika isanu ndi yokwana: A mwezi, B zolowa, C zogula ndi zolipira, D zobweza ngongole, E zotsala. Mzere woyamba wopingasa ukhale wa mitu. Mu E2 lembani:

```
=B2-C2-D2
```

Kenako koperani samuyi m'mabokosi a m'munsi mpaka E13.

Tiyerekeze kuti mu Febuluwale banja lapeza K150,000. Chimanga, chigayo, sopo, ndiwo ndi za kusukulu zadya K110,000, ndipo kubanki mkhonde mwabweza K36,000. Yatsala K4,000 yokha, chonsecho uwu ndi mwezi wa ndalama. Mu Julaye zolowa zikatsika n'kufika K80,000 pomwe zogula ndi K95,000, bokosi E lionetsa -15000. Mukalemberatu zongoyerekeza, dzenje limeneli mumaliona kudakali miyezi isanu, osati m'thumba mutauma kale.

Apa ndiye pagona nkhani: ndalama yokongola si yolowa, musailembe mu B. Mukatenga K20,000 kwa wakatapila mu Malichi, yoti mubweze K30,000 mu Epulo, tsiku lomwelo lembani 30000 mu D pamzere wa Epulo. Pompo muona kuti malipiro a Epulo alumidwa asanafike. Mukachita izi musanalandire ndalamayo, mwina mubwerera panjira.

Chenjerani ndi kalembedwe. Lembani 150000, osati K150,000, chifukwa chilembo K chimasandutsa nambala kukhala mawu. Mudziwa kuti mwalakwitsa nambalayo ikakhala kumanzere kwa bokosi, ndipo mu E mukatuluka #VALUE!. Musaiwalenso kandalama kamene amadula potapa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mauthenga a m'foni akukumbutsani.

Ena ati kope ndi cholembera n'zokwana. Zoona, kope silifuna bando kapena kutchaja. Koma mtengo wa chimanga ukakwera, m'kope mufufuta ndi kuwerengeranso pamanja, pomwe pafoni mumasintha nambala, zotsala n'kudzikonza zokha. Komanso za mu Google Sheets zimasungika mu akaunti yanu ngakhale foni itabedwa.

Tsambali silikweza malipiro a kuesiteti, ndipo limanama ngati bambo kapena mayi abisa ngongole imodzi. Choncho Lamlungu lililonse khalani pansi ndi makolo, muwafunse mwaulemu: “Kodi sabata ino takongola kwa ndani, ndipo tibweza liti?”